Wolowa Pambuyo Ayambe Kutuluka

Zangaphee ankadana ndi Raston, ndipo sankabisa. Anthu ena chidani amachisunga m'thumba ngati fodya, koma iye ankachivala ngati malaya a ntchito. Pachigayo cha mpunga cha a Idrisa, kwa Malengachanzi, aliyense ankadziwa kuti awiriwa akakumana pakhomo la shedi, wina alavula malovu, winayo ayang'ana kudenga.

Gwero la chidanicho linali sikelo. Zangaphee anali mbadwa ya pomwepo, ndipo njerwa za chigayocho anaumba nawo ndi manja ake. Chigayo chitayamba kulira, a Idrisa anamuika pasikelo, malo okhawo okhala ndi mpando, pomwe munthu sasenza thumba koma amangotchula makilo alimi n'kumamupatsa ulemu. Anakhalapo zaka khumi. Kenako kunabwera chaka cha usipa wochuluka, chaka chimene ngakhale ana ankayenda ndi ndalama m'matumba. Zangaphee mtima unamudumpha. Anasonkhana ndi msuweni wake n'kugula boti la injini ndi chilimira, khoka lalikulu logwirira usipa, ndipo anatsanzika kwa a Idrisa masana dzuwa likuswa mtengo. Analandira malipiro ake ndi za masiku ake a tchuthi, natuluka akunena kuti ntchito yolembedwa ndi ya anthu opanda nyanja.

Musamuseke kwambiri, chifukwa kumeneko ndiye kachitidwe ka amuna a m'mbali mwa nyanja. Nsomba zikalowa amataya khasu, amataya thumba, amathamangira kugombe. Zikatha amabwerera n'kupempha malo awo ngati munthu amene anangopita kuseri. Kwa iwo kupita kunyanja si kuchoka. Chigayo cha pamudzi amachiona ngati khomo la mayi, loti ukhoza kutulukamo ndi kulowamo nthawi ina iliyonse.

Nyanja inamudyetsa miyezi ingapo, kenako inamudya. Injini inafa, chilimira chinang'ambika pamiyala, boti linagulitsidwa kuti abweze ngongole. Patatha chaka ndi theka Zangaphee anabwerera kuchigayo mutu uli pansi, ndipo a Idrisa anamulembanso. Koma pampando wa sikelo anapezapo Raston, ndipo iye anapatsidwa ntchito yosenza matumba.

Raston anali wa ku Phalombe. Anabwera ku Dwangwa ali mnyamata kudzadula nzimbe, msana utayamba kukana anatsika kudzapempha ntchito pachigayo, ndipo kuyambira pamenepo sanasuntheko. Akanapita kuti? Analibe dimba, analibe bwato, mkazi wake anamuika m'manda a eni ake. Anzake ena ochokera ku nzimbe anali chimodzimodzi: dzinja ndi chilimwe anali pomwepo, ngati mphero. Zangaphee ankawatchula onsewo kuti obwera, ndipo thumba lililonse limene ankasenza, podutsa pasikelo, ankalimva kulemera kawiri.

Komabe ntchito yosenzayo ndi imene inkamusunga. Anali atapitirira zaka makumi asanu, dimba analigulitsa pogula boti, ndipo kugombe palibe mwini boti amene akanatenga nkhalamba yodziwika kuti inamiza chuma chake. Chigayo chikanamutaya, analibe kogwira.

Chaka chimenecho madzi anasefukira m'madambo n'kukokolola mpunga. Wotsalawo amalonda a ku Lilongwe ankaugula wosapuntha n'kumapita nawo pa malole awo. Makina awiri mwa atatu anangoti zii, ndipo anthu ankasesa pamalo osesa kale kuti aoneke ngati akugwira ntchito. Tsiku lina m'mawa Sharifa, mwana wa a Idrisa amene ankayendetsa ofesi, anaitanitsa antchito onse m'shedi. Bambo ake anakhala pambali, pampando wapulasitiki, akuwerenga tasibihi, mikanda yawo yopempherera.

"Sindibisa, zinthu zavuta," anatero Sharifa. "Mwadzionera nokha. M'shedi muno muli anthu khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo ntchito ilipo ndi ya anthu khumi ndi atatu. Tikuganiza zochepetsa antchito asanu. Palibe amene walakwa, ndi ntchito imene yachepa. Ku leba tawadziwitsa kale. Sitinasankhe munthu aliyense, ndipo sitisankha tisanakambirane nanu. Tipatseni anthu awiri oti azikuyankhulirani. Ngati pali njira ina yoti anthu asachoke, tiimve. Ngati palibe, tigwirizane kasankhidwe kake."

M'shedi munadzaza phokoso ngati mwalowa njoka. Mbadwa zinakankha Zangaphee kutsogolo chifukwa pakamwa pake sipankatopa. Ochokera ku nzimbe anasankha Nester, mayi wosoka matumba wa ku Mzimba, amene pa nthawiyo anali woyembekezera. Kuyambira tsiku limenelo ngakhale tiyi wa m'mawa ankamwa magulu awiri, ena kumthunzi wa mango, ena kuseri kwa mulu wa mankhusu.

Zangaphee anafika kunyumba ali ndi chimwemwe choipa. Mantha analipo, inde, koma pamwamba pa manthawo panali kamtima kakuti nthawi yakwana.

"Mlendo ndi mame," anauza mkazi wake Sofiya, amene ankapeta misere pakhonde. "Dzuwa latuluka tsopano. Uona mmene akamukire."

"Inu mukakamba zopulumutsa ntchito yanu kapena zochotsa Raston?" anafunsa Sofiya.

"Ndi chinthu chimodzi chomwecho."

"Si chimodzi. Ndipo musaiwale kuti munachokapo paja."

"Ndinachoka kupita kuti? Ku Joni? Ndinali pagombe apa, utsi wa chigayo ndikuuona. Aliyense akudziwa kuti njerwa zija ndinaumba ndine."

Sofiya anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kupeta.

Zokambirana zinachitika m'kaofesi ka Sharifa, kotentha ngati uvuni. Nester anayamba ndi maganizo oti onse azigwira masiku ochepa pa mlungu, malipiro atsike pang'ono koma pasachoke munthu, mpaka mpunga wa chaka chamawa. Sharifa anati zimenezo n'zotheka ngati antchito avomera okha, chifukwa bwana sangangodula malipiro a munthu popanda kugwirizana naye.

"Ayi!" anatero Zangaphee, akumenya tebulo. "Ana athu agone ndi njala kuti tisunge anthu amene ali ndi kwawo? Nkhani ndi yachidule iyi. Obwera abwerere kwawo."

"Amalume," anatero Sharifa, "zimenezo sindilemba n'komwe. Lamulo sililola kusankha munthu chifukwa cha kumene anachokera, mtundu wake kapena chipembedzo chake. Tikatero, amenewo atitengera kukhoti n'kutiwina."

"Ndiye yambani ndi amene posachedwapa akhala pakhomo miyezi itatu akulandira ndalama zaulere." Ponena izi maso ake anali pamimba ya Nester.

"Mimbayi ndi yanu kodi, kuti muziiwerengera miyezi?" anatero Nester mokalipa. "Munthu wamkulu wopanda manyazi!"

"Pathupi si chifukwa chochotsera munthu ntchito," anatero Sharifa. "Ngakhale kudandaula ku leba kapena kulowa bungwe la antchito si chifukwa. Tikufuna muyeso umodzi woti tikauika pa aliyense, munthu aone yekha kuti sanakonderedwe. Luso, kapena zaka zimene munthu wagwira, kapena odzipereka okha."

Nester atamva za odzipereka ananyamuka, natsegula chitseko n'kukodola munthu panja. Analowa Raston, chipewa chili m'manja.

"Bwana," anatero Raston, akuyang'ana a Idrisa, "ine ndatopa. Msana watha, ndipo kuno ndilibe aliyense. Ngati mukufuna anthu asanu, mmodzi ndikhale ine. Alipo anzanga awiri amene akuganiza chimodzimodzi. Mutipatse sevaransi yathu, tikamange timakumbi kwathu, tikafere pafupi ndi abale."

Munthu wanzeru akanawomba m'manja pamenepo. Mdani akudzichotsa yekha, mpando wa sikelo ukutsala wopanda mwini, ndipo mwa asanu aja atatu apezeka kale. Koma Zangaphee chimene anamva ndi liwu limodzi lokha.

"Sevaransiyo ndi zingati?" anafunsa.

Sharifa anafotokoza kuti munthu wochotsedwa chifukwa ntchito yachepa amalandira malinga ndi zaka zimene wamaliza: malipiro a milungu iwiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyambirira, milungu itatu pa chaka kuchokera chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi milungu inayi pa chaka chilichonse chopitirira pamenepo. Raston, wa zaka khumi ndi ziwiri, akanatenga malipiro opitirira miyezi isanu ndi iwiri nthawi imodzi.

Zangaphee magazi anawira. M'maso mwake anaona Raston akukwera minibasi atavala jekete yatsopano, anaona malata akung'anima ku Phalombe, malata ogulidwa ndi mpunga wa dambo la makolo ake. Munthu anamulanda mpando, ndiye achokenso ndi chikwama chotupa akuseka? Nsanje ndi matenda oipa, imamupangitsa munthu kukana mankhwala chifukwa choti sing'anga alemera.

"Zimenezo ndiye ayi," anatero. "Munthu asadzisankhe yekha ngati akusankha nsomba pamsika. Akufuna kukolopa ndalama za kampani n'kutisiya ife pachigayo chopanda kanthu. Ngati watopa, asiye yekha ntchito azipita."

"Ndikasiya ndekha sindilandira sevaransi, achimwene," anatero Raston mofatsa. "Inu mukudziwa bwino zimenezo."

"Ine si mchimwene wanu! Muyeso ndi uwu, lembani: wolowa pambuyo ayambe kutuluka. Amene anapeza anzake pano, ndiye ayambe kunyamuka."

M'mutu mwake nkhani inali yosavuta. Obwera onse anapeza chigayo chikulira kale, choncho onse anali olowa pambuyo, ndipo ena mwa asanuwo, Mulungu akalola, adzakhala anzake a Raston amene ankadya naye. Raston mwiniyo akapulumuka, atsale yekha ngati chitsa, wopanda anzake, wopandanso ndalama zake zija.

A Idrisa anasiya kuwerenga tasibihi. Mwini chuma samva zinthu ngati mmene amamvera wantchito. Iwo anali ataona kale kuti anthu a zaka zochepa sevaransi yawo ndi yochepanso.

"Zangaphee wayankhula zanzeru," anatero. "Muyeso umenewu ndi wodziwika, ndipo sukondera."

Sharifa anayang'ana bambo ake, kenako Zangaphee. "Amalume, ndinene momveka. Tikatenga muyeso umenewu, tiwerenga kuchokera tsiku limene munthu analembedwa komaliza n'kugwira mosadukiza. Tchuthi, matenda, kapena nthawi imene kampani inaimitsa anthu kwa kanthawi, zimenezo sizidula zaka. Koma amene anasiya yekha n'kudzalembedwanso, zaka zake zimayambira pomwe anabwerera. Mwamva?"

"Ndamva, ndamva! Iwe Sharifa, ndinakunyamula pamapewa chigayo chino chili maziko, lero uzindiphunzitsa kumva?"

Anamvadi ndi makutu, koma mawuwo anawadutsitsa ngati onena za anthu ena. Iye sanasiyepo ntchito. Iye anangopita kunyanja. Nester anatsegula pakamwa kuti ayankhule, kenako anakumbukira maso aja pamimba yake, natseka. Raston anavala chipewa chake n'kutuluka.

Nkhaniyo anaitengera kwa antchito onse kuti akweze manja. Mbadwa zinali zambiri, ndipo Zangaphee anali ataziyendera mmodzimmodzi. Manja anakwera, muyeso unadutsa, oimira awiri aja anasayina, ndipo Sharifa anatumiza zomwe anagwirizanazo ku leba. Madzulo ake Zangaphee anagulira anzake tchipisi pamsewu, ndalama yake yomwe.

Mlungu wotsatira Sharifa anayamba kuitana anthu muofesi mmodzimmodzi. Woyamba anali mnyamata wa ku Dwangwa amene anali asanathe chaka, ndipo Zangaphee anagwedeza mutu mokhutira. Wachiwiri anali Sufiyani, mwana wa mlongo wake wa Zangaphee, amene anabwerera kuchokera kunyanja chaka chatha. Wachitatu ndi wachinayi analinso a pamudzi pomwepo, amuna a nyengo ya usipa. Thumba limene Zangaphee anasenza linayamba kumuterera paphewa. Ataona Sharifa waimanso pakhomo la ofesi akuyang'anayang'ana, anadziwa dzina lisanatchulidwe.

"Iyi ndi notisi yanu, amalume," anatero Sharifa atakhala pansi. "Popeza mumalandira pamwezi, notisi ndi ya mwezi umodzi. Mukhoza kuugwira mweziwo, kapena tikulipireni m'malo mwake muzipita lero. Pomaliza mudzalandira malipiro anu, za masiku a tchuthi amene simunapume, ndi sevaransi ya zaka ziwiri zimene mwamaliza, milungu inayi. Lamulo likuti zonsezi zisapitirire masiku asanu ndi awiri ntchito itatha, koma ife tidzakupatsani tsiku lomwelo, pamodzi ndi kalata yosonyeza kuti munagwira kuno. Za penshoni zili pazokha."

"Zaka ziwiri?" Mawu anamutuluka ngati a mwana. "Ine zaka ziwiri? Khoma ili ukuliona ili?"

"Ndinakufunsani ngati mwamva."

"Ndinapita kunyanja basi!"

"Munatsanzika, munalandira zanu, munakhala chaka ndi theka. Pamene munabwerera tinakulembani ngati munthu watsopano. Pepani, amalume. Ine sindingasinthe muyeso chifukwa wagwera inu."

Anatuluka osatseka chitseko. Anasankha kugwira mwezi wa notisiwo, chifukwa ankakhulupirira kuti munthu ali mkati akhoza kukonza zinthu kusiyana ndi ali kunja. Unali mwezi wowawa kuposa miyezi yonse ya moyo wake. Kumthunzi wa mango kuja anzake ankati akamuona akubwera amasuntha makapu awo. Mlongo wake, mayi a Sufiyani, anabwera pakhomo pake m'mawa anthu akupita kumadzi, naima pabwalo manja ali m'chiuno.

"Achimwene, mwana wanga anakulakwirani chiyani?" anakuwa kuti mudzi wonse umve. "Anthu atatu anadzipereka okha, inu n'kukana! Mwatchera msampha pakhomo panu pomwe, wagwira nkhuku zanu. Sufiyani ali ndi mwana wakhanda, mukamudyetsa ndinu?"

Zangaphee sanatuluke.

Lachisanu anadikirira a Idrisa potuluka ku mzikiti, nayenda nawo pang'onopang'ono mpaka pagalimoto.

"Bwana, ine ndi inu tinayambira limodzi. Mungandiponde chonchi?"

"Wadziponda wekha, Zangaphee. Ine ndinangovomera."

"Ndidumpheni. Atuluke wotsatira."

"Wotsatirayo mawa lomwe ali ku leba, akunena kuti ndakondera wa kwathu. Ndipo adzakhala akunena zoona."

"Ndiye mutengeni Raston, paja anadzipereka yekha."

A Idrisa anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wagula mbuzi motchipa. "Tsiku lija ndikanavomera, chifukwa ndinalibe pothawira. Iwe ndi amene unanditsegulira khomo. Lero ndilipire miyezi isanu ndi iwiri pamene ndagwirizana kale ndi antchito kulipira milungu inayi? Chigayo chikudwala ichi. Inshallah, mpunga ukadzachuluka udzabwere tidzaone."

Zangaphee anakwera kabaza mpaka ku boma. Ku ofesi ya leba anapeza mayi wina wa magalasi, a Dyna, amene anamulola kukhuthula mkwiyo wake wonse asanamudule. Anamuuza kuti wachita bwino kubwera msanga, chifukwa dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo limayenera kufika isanathe miyezi itatu, ndipo likakanika pamenepo limapita kukhoti la nkhani za ntchito, kumene bwana ndi amene amayenera kusonyeza kuti chifukwa chake chinali choona ndiponso kuti anachita mwachilungamo. Kenako anayamba kufunsa.

"Ntchito inachepadi, kapena akufuna kulemba ena m'malo mwanu?"

"Inachepa. Makina awiri ali chete."

"Anakuuzani zisanachitike? Anamva maganizo anu?"

"Anatiuza. Tinakambirana."

"Notisi?"

"Mwezi."

"Nanga pamene munapita kunyanjapo, anakuimitsani ndi abwana, kapena anakupatsani chilolezo choti mukabwerenso? Kapena ntchito yanu ndi ya nyengo, yoti chaka chilichonse mumaima n'kuyambiranso? Ngati zili choncho, zaka zanu zikhoza kuphatikizidwa."

Apa panali pakhomo potseguka, ndipo Zangaphee anapaona. Koma anakumbukira mmene anatsanzikira, anthu onse akumva, akunyoza ntchito yolembedwa. Mboni zikanakhala shedi yonse.

"Ndinasiya ndekha," anatero.

"Ndiye zavuta, bambo. Tsono muyeso umenewu, wakuti wolowa pambuyo ayambe kutuluka, abwana anakukakamizani? Anaubweretsa ndani?"

Zangaphee anayang'ana pansi. Panali nyerere zikukoka phiko la chiwala pasimenti.

"Ine," anatero.

A Dyna anavula magalasi. Anati dandaulo akhoza kulilemba ngati iye akufuna, ndi ufulu wake, koma asamunamize: pa zimene wanena yekha, sakuonapo polakwika. Anamuuza kuti ndalama zikadzachedwa kapena kuperewera, adzabwerenso. Samvamkunkhu anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo Zangaphee anabwerera wapansi chifukwa ndalama ya kabaza inali itatha.

Kunatsala khomo limodzi, limene ankalizemba ngati khomo la wangongole. Notisi itatsala pang'ono kutha, pa nthawi yopuma masana, anapita pasikelo. Raston anali yekha, akudzola mankhwala otentha pamsana.

"A Raston," anayamba Zangaphee. Kanali koyamba kumutchula ndi ulemu. "Paja munkafuna kupita kwanu."

"Ndikufunabe."

"Mutasiya ntchito, malo amodzi atseguka. Abwana akhoza kundisunga."

Raston anatseka kabotolo kake pang'onopang'ono. Munthu uyu anthu ankamuyesa wofatsa, koma madzi odikha ndiwo amakhala ndi ng'ona.

"Ndisiye ndekha," anatero, "ndipite chimanjamanja, zaka khumi ndi ziwiri ndizitaye m'madzi ngati mmene munatayira zanu. Kuti inu mukhale pampando uno."

"Ndili ndi banja."

"Ine ndinalibe? Mkazi wanga ali m'dothi lanu lino, ndipo pamaliro ake inu simunabwere. Ndinalowa muofesi muja chipewa chili m'manja, ndinakupatsani mpando uno pamaso pa abwana, waulere. Munangofunika kutseka pakamwa. Ndalama zinali zanu? Zikanachoka m'thumba mwanu?"

"Ndinalakwitsa."

"Simunalakwitse, munachita dala. Mlongo wanga ku Phalombe anali atandipezera kale malo. Ndinamuimbira kuti ndikubwera, kenako ndinamuimbiranso kuti sindibwera. Tsopano ndikhala pano mpaka msana udzathyoke kapena chigayo chidzagwe, chifukwa cha inu. Ndiye mukuti ndikuchitireni chifundo? Chokani, mukunditchingira mphepo."

Tsiku lomaliza linali Loweruka. Sharifa anapereka maenvulopu kwa onse asanu, kupatula kuti mnyamata wa ku Dwangwa uja analibe sevaransi poti anali asanamalize chaka. Zangaphee anawerenga zake kawiri, akufunitsitsa kuti apeze poperewera, kuti akhale ndi chifukwa chokuwira. Zinali zokwana ndendende, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa koposa.

Pachigayopo panali mwambo woti Loweruka lililonse wantchito aliyense ankatapa ndowa ya misere, mpunga wosweka uja, kupita nayo kunyumba osalipira. Zangaphee miyendo inamutengera yokha pamulupo, monga inkachitira milungu yonse. Atawerama ndi kathumba kake anamva mawu kuchokera pasikelo.

"Imeneyo ndi ya antchito."

Ngakhale Nester anaimitsa singano. Zangaphee anaweramuka, nayang'ana mbadwa zinzake zimene zinatsala, koma aliyense anali atapeza chochita ndi maso ake. Kunyumba Sofiya ankadikira misereyo, ndipo kubwerera ndi kathumba kopanda kanthu sakanatha. Anadzaza kathumbako, nayenda nako mpaka pasikelo, n'kukaika pomwe alimi ndi ogula amaika.

Raston anasuntha chitsulo cha sikelo mosafulumira, natchula makilo mokweza monga ankachitira ndi mlendo aliyense. Zangaphee anatsegulanso envulopu ija n'kulipira. Atanyamula kathumbako kuti azipita, Raston anatapa misere ina kudzanja n'kuithira pamwamba.

"Basela," anatero. "Makasitomala timawasamala kuno."

Zangaphee anafuna kumukhuthulira kathumbako kumaso. Koma anakumbukira kuti sevaransi ya m'envulopu ija ndi ya milungu inayi yokha. Anamanga kathumbako bwinobwino kuti baselayo isatayike, natuluka pageti.

Atafika pamsewu anacheuka. Raston sankaseka. Anali atakhala pampando uja dzanja lili pamsana, akuyang'ana minibasi yolowera kummwera imene inaima kutsidya, kondakitala akuitanira anthu. Inadzaza n'kunyamuka, ndipo mlimi wina anaponya thumba pasikelo.